Thandizeni: 4-3-3 yanga ikangotaya mpira imabalalika

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa timu ya anyamata osapitirira zaka 17, ndipo chaka chino ndinasiya 4-4-2 n'kuyamba 4-3-3. Mpira ukakhala kwa ife zimakoma, koma masewero atatu apitawa tachinyidwa zigoli 8. Tulo sindikupeza. Wondithandizira sabwera pa zokonzekera, koma tsiku la masewero ndiye woyamba kukuwa malangizo osemphana ndi anga. Makolo ena akuti ndimakondera mwana wa mlongo wanga amene amasewera nambala 11, chonsecho ndi amene wagoletsa kwambiri. Mipira tili nayo itatu yokha, umodzi ndi wophwa. Kodi 4-3-3 imayenera kuima bwanji mpira ukakhala kwa adani? Chonde musandinyoze, mutu waima kale.

Wa 4-4-2 mpaka kale: Mwaziputa dala akulu! Munasiyiranji 4-4-2? Anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo, mwana aliyense amadziwa poima. Bwererani kumene munachoka, nkhani yatha.

Nambala 6 wakale: A kochi, zigoli 8 mwatiuza, koma simunatiuze kuti zimalowa bwanji. Kodi amakuchinyani mukangolandidwa mpira anthu anu ali kutsogolo, kapena adani atakhazikika n'kumapatsirana? Matenda awiriwa ndi osiyana. Podikira yankho, dziwani kuti 4-3-3 imaoneka poyamba masewero basi. Mukamaukira, 2 ndi 3 amakwera m'mbali, 7 ndi 11 amalowa mkati kufupi ndi 9, ndiye kutsogolo kumakhala anthu asanu, pakati atatu, kumbuyo 4 ndi 5 okha. Imeneyo ndi 2-3-5. Mpira ukapita kwa adani, 7 ndi 11 amatsika n'kudzaima mzere umodzi ndi 8 ndi 10, nambala 6 amakhala kumbuyo kwawo, 9 amatsala yekha kutsogolo. Yasanduka 4-1-4-1.

Mayi a goloboyi: Ine mwana wanga anali pagolo kutimu ina, akachinyidwa aliyense amaloza iyeyo mpaka anasiya mpira. Musamuvutitse goloboyi wanuyo chonde.

Wofunsa: Ayi mayi, goloboyi ndilibe naye mlandu. Amene akundipweteka ndi wondithandizirayu, dzulo wauza anyamata kuti azingomenya mpira kutsogolo.

Wa 4-4-2 mpaka kale: Wokuthandizaniyo ndi amene akuudziwa mpira. Ndipo inu a nambala 6, mwamva zomwe mwanenazo? Poteteza pakati pamafunika anthu anayi kapena asanu. Ndiye bwanji osangoyamba ndi anayiwo? Mukufuna mwana wa zaka 16 athamange mamita 40 kubwerera mpira ukangotayika, kenako agoletsenso. Mapapo ake ndi a njinga yamoto?

Wokonda Liverpool: Si zoona kuti mawinga ayenera kutsika. Liverpool ya Klopp inatenga chikho cha Champions League mu 2019 ndi ligi mu 2020 ikusewera 4-3-3, ndipo Salah ndi Mane ankatsala kutsogolo. Auzeni anyamata aziwapanikiza adani komweko, asatsike.

Nambala 6 wakale: Mwanena mbali imodzi yokha achimwene. Salah akatsala kutsogolo, Henderson ndi amene ankatulukira kumanja kukatseka, Wijnaldum kumanzere, Fabinho n'kutsala pakati. Atatu apakatiwo ankagwira ntchito ya anthu asanu. Komanso atatu akutsogolo sankangoima, ankatseka njira ya mpira wolowa pakati. Kupanikiza kumafuna kuti timu yonse inyamukire pamodzi, otchinga kumbuyo afike pafupi ndi mzere wapakati. Akutsogolo akathamanga okha enawo atatsalira, pasi imodzi yokha yadutsa anthu atatu.

Woyimbira wopuma: Mukakweza otchinga kumbuyo kumbukirani kuti munthu sakhala ofusayidi ali m'chigawo chake cha bwalo, komanso pa mpira woponya ndi manja palibe ofusayidi. Ndaona matimu ambiri akukweza manja ine ndikuloza pakati.

Wa 4-4-2 mpaka kale: Mwaona! Liverpool, Liverpool, ngati anyamatawa amalandira malipiro. Munthu ali ndi mipira itatu mukumuuza za Klopp.

Wofunsa: Poyankha a nambala 6 aja, ndaganizira bwino. Zigoli zisanu zinachokera kumanzere kwathu, adani atakhazikika ndi mpira. Nambala 2 wawo amabwera yekhayekha popanda womumaka. Mwana wa mlongo wangayo ndinamuuza kuti asamatsike, kuti tikalanda mpira tizimupeza msanga.

Nambala 6 wakale: Eya, nkhani yake ndi imeneyo, mukanayambira pamenepo. Taonani zimene zimachitika. Nambala 2 wawo akubwera ndi mpira, 11 wanu wamusiya. Nambala 3 wanu ali kale ndi winga wawo, ndiye akumana ndi awiri ali yekha. Akapita kwa wampirayo, winga athamangira kumbuyo kwake. Wapakati wanu wa kumanzere, tinene 10, akatuluka kukathandiza, pakati patsala 6 ndi 8 okha, ndipo malo amene wachoka 10 aja atseguka. Mpira ukalowa pamenepo, 5 amatuluka mumzere kukatchinga, womwetsa zigoli wawo n'kulowa pomwe wachokapo. Anthu amaloza 5 kapena goloboyi, koma chigoli chinayambira kwa 11.

Njira zilipo ziwiri. Yosavuta ndi yoti 11 azitsika ngati mnzake 7, aliyense azitsata wotchinga m'mbali wa adani. Ngati mukufunadi azitsala, musamusiye mwangozi, konzani. Real Madrid ya Ancelotti mu 2014 inkachita choncho: Ronaldo ankatsala kutsogolo ndi Benzema, Di Maria ankachoka pakati n'kukatseka kumanzere, Bale n'kutsika kumanja, poteteza inkakhala 4-4-2. Kwa inu ndiye kuti 10 apite kumanzere, 6 ndi 8 aime pakati moyandikana, 7 atsike kumanja nthawi zonse. Akalephera kutsika 7, dzenje lija langosamukira mbali inayo.

Wa 4-4-2 mpaka kale: Mwamva nonse? Poteteza inkakhala chiyani? 4-4-2! Mwazungulira dziko lonse n'kudzafika pakhomo panga.

Wokonda Liverpool: Poteteza pokha akulu. Mpira ukabwera imatambasukanso, yanuyo imangokhala chimodzimodzi ngati benchi.

Mphunzitsi mnzanu: Ine ndikuwonjezereni za zigoli zitatu zinazo, mwina ndi za kauntala. Kwa anyamata ine sindilola 2 ndi 3 kukwera nthawi imodzi. Mpira ukakhala kumanja akwera 2, ndipo 3 asendera mkati pafupi ndi 5, kumbuyo kukhale atatu ndi 6 patsogolo pawo. Pa zokonzekera ndimaimba wezulo aliyense aime pomwe ali, n'kuwerenga mapazi pakati pa otchinga kumbuyo ndi apakati. Akapitirira 15 timabwerezanso. Mpira umodzi ukukwana pa zimenezi.

Mayi a goloboyi: Koma makolo aja mwina sakunama, a kochi. Anzake akuthamanga kubwerera, wachibale wanu yekha waima kutsogolo. Ana amaona zimenezo.

Wofunsa: Zandilowa mayi, ngakhale zikuwawa. Koma nambala 10 wanga sathamanga kwenikweni, luso lake ndi mapasi. Kumanzereko akakwanitsa?

Nambala 6 wakale: Ngati sathamanga musamutumeko, amutha m'chigawo choyamba. Asinthane mbali ndi 8 ngati 8 ali ndi mphamvu. Apo ayi, 11 atsike basi.

Wa 4-4-2 mpaka kale: Kapena mwana wa mlongo wanuyo muikeni pambali pa 9 kuyambira poyamba, muitchule dzina lake lenileni.

Wofunsa: Nambala 8 ndi wa mwendo wamanja, ndipo bambo ake ndi omwe aja akutsogolera zondinena. Ndiyesa Lachitatu pa zokonzekera, ngati wondithandizirayo sadzasokonezanso.