Fayilo ya malipiro a alimi ikukanidwa, mizere ikusuntha

Mlembi wa ku Ngabu: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi alimi a thonje 312 oti alandire ndalama Lachisanu, koma makina akale a kumene timatumiza fayilo akuikana. Amafuna mzere uliwonse ukhale wa malo 43: nambala ya akaunti 13, dzina 20, ndalama 10. Ine ndalemba 185,250.50 monga ndimachitira masiku onse.

Achimwene a ku Bangula: Sinthani zilembo zikhale `Courier New`, zonse zifola bwinobwino.

Mayi a ku Nchalo: Zifola m'maso mwanu, achimwene, koma makinawo alibe maso, amangowerenga malo. Alembi, chizindikiro cha koma ndi kadontho zichoke. Ndalamazo zisandutseni matambala, 18525050, kenako mudzaze maziro kumanzere mpaka malo akwane 10: `0018525050`. Makinawo amadziwa okha kuti manambala awiri omaliza ndi matambala. Mukaiwala kuchulukitsa ndi 100, mlimi wa K185,250 alandira K1,852.50, ndipo mudzamuona pakhomo panu. Dzina limayambira kumanzere, malo otsala mudzaze mipata. Mu Excel, akaunti ikhale mu `A`, dzina mu `B`, ndalama mu `C`, ndipo muike izi mu `D2`:

```
=TEXT(A2,"0000000000000")&LEFT(B2&REPT(" ",20),20)&TEXT(ROUND(C2*100,0),"0000000000")
```

Pambali pake ikani `=LEN(D2)`, paliponse pazituluka 43.

Bambo a ku Dyeratu: Ife timangosunga ngati `.prn` basi, Excel imadzaza yokha.

Mayi a ku Nchalo: Imadzaza mipata, osati maziro, komanso imatsatira kukula kwa danga. Wina akangolikoka pang'ono ndi mbewa, fayilo yonse yasokonekera.

Mlembi wa ku Ngabu: Zikomo amayi, zayenda, kupatula mzere 47 ndi 203. `LEN` ikuti 43 ndithu, koma yakanidwa. Magetsi anapita, laputopu yatentha ngati chiwaya, mutu wanga waima.

Mayi a ku Nchalo: Mayina ake ndi otani?

Mlembi wa ku Ngabu: Onse awiri ali ndi ng', ndinawakopera ku kalata ya amfumu yolembedwa mu Word.

Mayi a ku Nchalo: Ndi pomwepo. Word imasintha kachizindikiro kowongoka `'` kukhala kopindika `’`. Kwa `LEN` ndi chilembo chimodzi, koma mu `UTF-8` kamadya mabayiti 3, ndiye ndalama zimasunthira kumanja malo awiri. Ŵ nayenso amadya 2, mlembeni W. Onani kukula kwa fayilo: mizere 312 kuchulukitsa ndi 45, poti kumapeto kwa mzere kuli `CR` ndi `LF`, ikhale mabayiti 14,040. Yanu ndikukhulupirira ili pa 14,044.

Mlembi wa ku Ngabu: 14,044 yeniyeni! Ndakonza.

Bambo a ku Dyeratu: Nanga amene ngongole ya mbewu yaposa zimene wagulitsa? Kwathu chizindikiro chochotsera timachiika kumapeto, `000012500-`.

Mayi a ku Nchalo: Ena amachifuna kutsogolo, ena safuna n'komwe. Alembi, pepala la kayalidwe ka fayilo likuti chiyani?

Mlembi wa ku Ngabu: Silikunenapo kanthu. Alipo anayi otere, ndinayamba ndawachotsa n'kutsala 312 aja, mawa ndiwaimbira eni makinawo.