Zowonjezera pa funso la mankhwala azitsamba ndi chithandizo choyeserera ku South Africa

"Ndili pa medikolo edi kuno ku Joni, kodi adzandilipirira kwa sing'anga kapena mankhwala atsopano a khansa omwe akuyesedwabe?"

Nditayankha koyamba ndinasiya mfundo yofunika. Lamulo la 1998 loyendetsa mabungwe a medikolo edi, omwe amalipirira mamembala awo ndalama za kuchipatala, limawakakamiza kulipira matenda ena, koma limawalola kutsatira ndondomeko zozikidwa pa umboni wa kafukufuku ndi mtengo wake. Choncho mankhwala omwe boma silinawalembetse, kapena omwe akuyesedwabe, kawirikawiri amakanidwa, ndipo azitsamba amakanidwa chifukwa asing'anga ambiri alibe nambala yowazindikiritsa yomwe bungwe limafuna pa risiti. Komabe ngati mankhwala a pa mndandanda wa omwe bungwe limalipira alephera kapena akukuvulazani pa matenda okakamizidwawo, dokotala alembe kalata yosonyeza umboniwo, pakuti bungwe liyenera kulipira ena oyenera popanda kukulipiritsani chindapusa.