Tsitsi lalifupi ndilikulitse bwanji?

Anzanga a kuno ku Zomba, ndithandizeni nzeru. Ndinameta kaduka, m'mbali mofupika kwambiri, pamwamba nkusiya pang'ono. Tsopano ndikufuna kulikulitsa, koma lafika pamsinkhu wovuta: kumanga silikugwirika, kupesa likungoima ngati udzu. M'mbali mwatsalira, pamwamba patalika.

Kodi ndizikametetsa pamwamba pokha kuti m'mbali mufanane, kapena ndilisiye? Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye kudulako ndikukayika.

Wa saluni ku Chinamwali akuti andiluke mesh pompano, koma ndikuopa kuti pokoka timatsitsi tatifupi angandithothole pachipumi. Ulusi ungakhale bwinoko? Kuntchito duku tsiku lililonse sizingatheke. Nanga ndi chinyezi cha kunoku, mumadzola mafuta anji kuti lisafote?