Zipere za m'mutu zakana mafuta, ndithandizeni

Makolo anzanga kuno ku Angónia, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 7 ali ndi zipere ziwiri m'mutu, zozungulira ngati kandalama kachitsulo. Pamenepo tsitsi lathothoka, patuwa ngati pathiridwa phulusa, ndipo usiku amakanda mpaka kulira. Zinayamba atameta pamsika, pamene makina amodzi amameta ana onse osapukutidwa. Tsopano mng'ono wake, amene amagona naye pamphasa imodzi ndi kupesera chipeso chimodzi, wayambanso.

Ndakhala ndikumupaka mafuta a clotrimazole, koma chipere chikungokula. Mlamu wanga, yemwe ndi namwino ku Moatize, akuti mafuta okha sangathandize chifukwa matendawa amalowa mkati mwa tsitsi lenilenilo. Akuti pamafunika mapilitsi a griseofulvin, akumwa tsiku lililonse kwa masabata 6 mpaka 8, mlingo wake motengera kulemera kwa mwana, ndipo amwere pa chakudya chamafuta monga phala la nsinjiro.

Funso langa ndi ili: amene munamwetsapo ana mankhwalawa, munawapeza kuchipatala cha ku Ulongwe kapena munachita kupita ku Tete? Nanga mwana akayamba kumwa, angapitirize sukulu osapatsira anzake? Chipere china chayamba kutupa ndi kutuluka mafinya, ndiye mtima suli m'malo. Mawa ndikulawirira naye kuchipatala.