Kasitomala akukana kundilipira ati bana yatuluka yoyipa, nditani abale?

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Ndinamaliza digiri mu 2022 ndipo mpaka lero ntchito kulibe, ma CV ndaponya osawerengeka, intaviyu ndinaitanidwa kawiri kokha. Ndimakhala kwa amalume ku Chilinde ndipo akazi awo tsiku lililonse amandifunsa ngati digiri imadyedwa. Nde ndinayamba kupanga timapositala, poyamba ta mabefide pa K3,000, kenako mayi wina wa makeke anayamba kundipatsa ntchito mwezi ndi mwezi, nkundilumikiza kwa anzake a chinkhoswe ndi a ma bonanza a mpira, pano positala ndimatchaja K15,000 ndipo mwezi wabwino ndimagula ndekha bandulo ndi magetsi a pakhomo. Laputopu inafa chaka chatha, msuweni wanga anaithira tiyi ndipo sanapepese mpaka lero. Vuto ndi ili. Amayi a chigwirizano cha mpingo wina anandiuza ndiwapangire dizaini ya msonkhano, makadi ndi bana ya mamita 2, tinagwirizana K40,000. Anaikonda, anatumiza timitima pa WhatsApp. Dzulo andiimbira ati bana yatuluka yosaoneka, nkhope ya mlaliki ngati ali mu nkhungu, buluu wasanduka ngati pepo, ati sandilipira ndipo ndibweze K90,000 ya opulinta. Ine ndilibe. Nditani?

Mkulu wa CorelDRAW: Ndi Canva imeneyo. Sindikufunsa, ndikudziwa. Ana inu mwationongera msika, munthu watsitsa ka pulogalamu ka Canva pa foni mawa lake ati ndine dizaina. Ine ndinayamba pa CorelDRAW 12 muli ku pulayimale, zotere sizinandichitikirepo.

Anamasina: Koma munthu wabwera ndi vuto, inu mwabwera ndi CV yanu.

Mkulu wa CorelDRAW: CV yanga ndi imene ikumuuza zoona. Vuto ndi RGB basi. Foni imaonetsa mitundu ndi kuwala, ndiye RGB imeneyo, makina amapulinta ndi inki zinayi, CMYK. Osasintha kupita ku CMYK, zonse zimatuluka phala. Nkhani yatha.

Mlongo wa kopulinta ku Limbe: Akulu mwanena theka. Za buluu ndi zoona, buluu wowala uja wa pa foni inki siimufikira, amakonda kutuluka wakuda pang'ono kapena wopendekera ku pepo. Koma CMYK siichititsa nkhope kukhala mu nkhungu, zimenezo ndi kuchepa kwa fayilo. Achimwene mwatiuza za tiyi ndi za akazi a amalume koma simunatiuze zofunika. Dizainiyo munaipanga pa saizi yanji, ndipo kopulinta inafika bwanji?

Wa ku Joni: Kkkkk mlaliki mu nkhungu, auzeni ndi ulemerero umenewo watsika.

Telala wa ku Mchesi: Ine za makompyuta sindidziwa koma anthu a zochitika ndimawadziwa. Chaka chatha ndinasoka madiresi 8 a operekeza mkwatibwi, nsalu yawo, ulusi ndi zipi zanga, ukwati unatha pa chinkhoswe pomwepo ndipo madiresi ali mnyumba mwanga mpaka lero. Kuyambira pamenepo sindigwira sizasi osaona theka pa Mpamba. Dipoziti munatenga?

Membala wobisa dzina: Dipoziti sindinatenge, ndi anthu a kumpingo kwa amayi anga nde ndinachita manyazi. Saizi ndi ija ndimagwiritsa nthawi zonse ya Instagram, 1080 x 1080. Ndinawatumizira tcheya wawo pa WhatsApp, iwo ndi amene anapititsa kopulinta.

Mkulu wa CorelDRAW: MWAONA? Ndinanena ine.

Anamasina: Munanena za CMYK bambo, tonse tawerenga.

Mlongo wa kopulinta ku Limbe: Eya, nkhani ili pamenepo. Tiwerenge limodzi. Mamita 2 ndi mainchesi pafupifupi 79. Timadontho tanu 1080 mukatigawa pa mainchesi 79, inchi iliyonse ikupeza 14 tokha. Ife bana timafuna cha m'ma 100 pa inchi, poti anthu amaionera patali, ndiye pa mamita 2 pamafunika timadontho pafupifupi 8,000 m'litali. Inu munapereka 1080, kenako WhatsApp inafinyanso poti munatumiza ngati chithunzi, ndipo dizaini yanu ndi ya mbali zofanana pamene bana ndi yaitali, ndiye mwina anachita kuikoka, mukaione ngati mutu wa mlaliki sunafutukuke. Makadi paja munthu amawagwira m'manja, amafuna 300 pa inchi, kadi ya A6 ndi 1240 x 1748. Chithunzi chooneka bwino pa foni sichikuuzani kanthu, foni ndi yaing'ono.

Mnyamata wa ma foni: Bwana logo mumapanga zingati? Ndili ndi K2,000 koma ndikulengezerani kwa anthu ambiri.

Mkulu wa CorelDRAW: Awa ndi makasitomala amene ana a Canva atibweretsera. Logo K2,000! Kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023, inki inakwera, pepala linakwera, inu mukadali pa mitengo ya mandasi. Siya zimenezi mphwanga, kaphunzire kaye kwa munthu miyezi 6.

Mlongo wa kopulinta ku Limbe: Asasiye ayi, mafayilo a Canva timapulinta tsiku ndi tsiku ndipo amatuluka bwino. Mukamayamba sankhani Custom size nkulemba saizi yeniyeni ya chinthucho, osayamba ndi ya Instagram. Potsitsa sankhani PDF Print, chongani Crop marks and bleed kuti mtundu upitirire pang'ono kunja kwa malire, mamilimita 3, apo ayi podula makadi mumatsala kamzere koyera. Mu PDF zilembo sizisweka ngakhale tikulitse, koma chithunzi cha munthu chikakhala chochepa chikhalabe chochepa, nde muzipempha chenicheni osati chojambula pa sitetasi. Kusankha CMYK ndi kwa olipira Canva Pro, ngati mulibe pemphani opulinta akutulutsireni kachidutswa kaye muone mtundu. Ndipo potumiza pa WhatsApp dinani Document.

Bambo a Tadala: Ine ndikuona kuti olakwa ndi opulinta. Munthu waluso akalandira kachithunzi kotero amayenera kuimba foni asanaononge nsalu ya eni. Musabweze kanthu.

Mlongo wa kopulinta ku Limbe: Pamenepo sinditsutsa, pamalo pathu timachenjeza. Koma ena kasitomala akati pulintani msonkhano ndi mawa, amangodina. Nanga achimwene, pamene munkatumiza munanena kuti iyi ndi yongoonera, kapena munati ndi yomaliza?

Telala wa ku Mchesi: Yongoonera muzilembapo dzina lanu pakati mopingasa, ngati mmene ine ndimasiyira diresi osapinda m'munsi mpaka ndalama ithe.

Anamasina: Langizo langa, pitani kwa tcheyayo ndi mayi anu, musakambe pa foni. Nenani kuti mukonzanso fayilo ulere lero lomwe, mupite limodzi kopulinta mukapemphe achotseko mtengo poti nawonso sanachenjeze. K90,000 musavomere, koma pa K40,000 yanuyo konzekani kusiyapo ina. Amayi a chigwirizano ndi amene amapanga ma chinkhoswe onse a m'dera, mukayambana nawo mwayambana ndi msika.

Bambo a Tadala: Ayi mayi, kuzolowetsa anthu kumeneko. Ntchito anagwira, alipidwe yonse.

Mkulu wa CorelDRAW: Alipidwe pa ntchito iti? Bana ya mamita 2 pa 1080? Ine ndikanakhala tcheya ndikanamutengera kwa amfumu.

Membala wobisa dzina: Ndayang'ana mauthenga, ndinangolemba kuti "nayi mayi". Chithunzi cha mlaliki anachita kujambula pa kalendala ya kutchalitchi, china alibe. Msonkhano ndi Loweruka. Mlongo wa ku Limbe ndakulemberani ku inibokosi.

Wa ku Joni: Nanga msuweni wa tiyi uja anapepesa?