Mainvoisi a pulogalamu imene tinasiya kulipira, odita akuwafuna

Mlembi wa ku Limbe: Anzanga pa ntchito, ndathedwa nzeru. Ndimasunga mabuku a kakampani kosindikiza mapepala. Tinkalipira madola 30 pamwezi pulogalamu ina yojambulira, tinaisiya mu Juni 2024. Odita akufuna mainvoisi onse 12 kuyambira Julaye 2023, ine ndili ndi sitetimenti ya banki yokha. Akaunti ya pulogalamuyo anatsegula ndi mnyamata amene anachoka ntchito. Kodi sitetimentiyo siikwana?

Wa ku Mzuzu: Imakwana achemwali. Ndalama inatuluka, dzina la wogulitsa likuoneka. Ine sanandivutepo.

Bambo wa odit: Ayi achimwene, pang'ono pokha mwalondola. Sitetimenti imasonyeza kuti ndalama inatuluka, koma siinena kuti munagula chiyani, cha miyezi iti, ndiponso m'dzina la ndani. A MRA akakayika kuti mwina inali ya mwini kampani payekha, akhoza kuikana pa ndalama zochotsera msonkho, ndipo nthawi zina amabwera patapita zaka. Mayi wa ku Limbe, ndikufunseni kaye: munadina Cancel subscription kapena Delete account? Sizofanana. Choyambacho chimangoimitsa malipiro, nthawi zambiri akaunti imatsala ndipo tsamba la Billing limatsegukabe. Chachiwiricho ndicho chimatseka khomo.

Mlembi wa ku Limbe: Cancel basi, bambo. Koma pasiwedi imapita ku imelo ya mnyamatayo.

Bambo wa odit: Imelo ya kampani kapena yakeyake? Ngati ndi ya kampani, amene amayang'anira maimelo aitsegulenso, musinthe pasiwedi, mukopere zonse tsiku lomwelo. Ngati ndi yake, mupempheni mwaulemu. Mu Gmail angolemba izi:

```
subject:(invoice OR receipt) after:2023/07/01 before:2024/07/01
```

Muchenjere, maimelo ena sakhala ndi PDF, amangokhala ndi linki yopita ku akaunti ija. Akakana kapena akasowa, lemberani wogulitsayo, mumupatse manambala anayi omaliza a khadi, masiku ndi ndalama zimene zili pa sitetimenti. Ambiri amatumiza makope.

Wa ku Area 47: Ine ndinasiya QuickBooks Online, ndinatha kuona mabuku anga kwa chaka chathunthu osasintha kanthu. Musadandaule, chaka chilipo.

Bambo wa odit: Izo n'zoona kwa QuickBooks Online, koma simunamvetse funso. Inu mukunena za mabuku amene munalemba mkatimo, mayiwa akufuna mainvoisi a malipiro a pulogalamu ina. Kampani iliyonse ili ndi nthawi yake.

Mlembi wa ku Limbe: Zatheka! Inali imelo ya kampani, ndapeza 11, ya Febuluwale palibe. Koma vuto lina: onse alembedwa madola 30, pomwe banki inadula mosiyana. Okutobala pafupifupi K35,400, Disembala K51,000. Ndilembe ziti m'buku?

Bambo wa odit: Imeneyo ndi kwacha inagwa ija mu Novembala 2023, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Chulukitsani ndi 30, muona zikugwirizana. Poti khadi limadula tsiku la invoisi kapena mawa lake, lembani kwacha imene banki inadula, ndipo invoisi iliyonse muiphatikize ndi mzere wake wa pa sitetimenti. Zolipira banki pa khadi zipite ku akaunti yazokha m'buku, musazisakanize ndi mtengo wa pulogalamu. Za Febuluwale, onani ngati ndalama inatulukadi mwezi umenewo. Nthawi imeneyo makhadi ankakana kawirikawiri chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mwina mupeza mu Malichi anadula kawiri. Ngati inatuluka, pemphani kope.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi: pa mainvoisiwo, pa Bill to palembedwa ndani?

Mlembi wa ku Limbe: Dzina la mnyamatayo, ndi keyala ya kampani.

Bambo wa odit: Ndinaganiza. Pemphani wogulitsayo kuti awalembenso m'dzina la kampani, ena amalola, ena amakana akaunti ikatsekedwa. Akakana, abwana asaine kakalata konena kuti iyeyo anali wantchito, khadi ndi la kampani, ndipo pulogalamuyo inkagwira ntchito za makasitomala. Muikepo zitsanzo ziwiri za ntchitozo.

Wa ku Mzuzu: Kakalata kotero ine ndinakaperekapo, wa msonkho anakalandira. Mnzanga wina anamukanira.

Wa ku Area 47: Nanga amene analipira chaka chonse n'kusiya pakati, nkubwezeredwa zina? Ine ndinangosunga invoisi yoyamba.

Bambo wa odit: Funani kirediti noti yake, chikalata chosonyeza ndalama zimene anakubwezerani. Popanda imeneyo, buku likusonyeza kuti munawononga zambiri kuposa zenizeni, ndipo ndalama yobwerera ku banki ilibe chikalata. Mayi wa ku Limbe, mapulogalamu ena amene mukulipirabe, lowani lero musinthe dzina ndi imelo pa Billing.

Mlembi wa ku Limbe: Alipo atatu, awiri ali pa imelo yomwe ija. Ndayamba kale. Malichi anaduladi kawiri, ndiye ndawalembera kuti anditumizire invoisi inayo.