Kamera ikuyera mbee usiku: ndigule ina ya mamegapikiseli 8?

Amake Tadala: Abale, ndithandizeni nzeru ndisanatulutse ndalama. Kamera yanga ya pakhonde ndi ija ya domu, yokhala ndi chivindikiro chozungulira choonekera mkati. Masana imaonetsa bwinobwino mpaka pageti. Kukangoda, mbali ya kumanzere imayera mbee, chithunzi chonse chimachita chifunga, ndipo pageti pamangokhala mdima wodzaza timadontho tovinavina. Munthu akaima pamenepo ndimangodziwa kuti ndi munthu, koma nkhope osaizindikira. Ndi ya mamegapikiseli 2. Wogulitsa akuti ndigule ya 8, ndipo pabokosi pake alemba kuti imaona mamita 30 usiku. Ndigule kodi?

Nganiza: Gulani mayi, musachedwe. Ya 2 ndi yachikale. Ya 8 ili ndi mapikiseli, tizigawo timene timapanga chithunzi, ochuluka kanayi, ndiye nkhope ituluka basi.

Achimwene a Mawaya: Dikirani kaye, mayi. A Nganiza akunena zoona pa nkhani ya masana, koma usiku vuto si kuchuluka kwa mapikiseli, ndi kuwala. Ndifunseko zitatu. Kumanzere kwa kamerayo kuli khoma kapena chipilala, ndipo chatalikira bwanji? Geti lili pa mamita angati? Nanga chivindikirocho chinatsegulidwapo kapena kupukutidwa?

Amake Tadala: Khoma lilipo, lopaka utoto woyera. Ndayeza pompano, ndi theka la mita kuchokera pa kamera. Geti lili pa mamita 10. Chivindikiro anachitsegula amene anaiika, pofuna kuitembenuza kuti iloze kugeti.

Achimwene a Mawaya: Ndiye ndikukayikira khomalo, chachiwiri ndi chivindikiro. Usiku kamera imayatsa timababu ta infuraredi tozungulira lenzi, tija timaoneka tofiirira pang'ono mukaima pafupi. Maso athu saona kuwala kwake, koma kwa kamera ndi nyali yeniyeni. Tsono kuwala kumafooka msanga kwambiri ndi mtunda: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pamenepo kumatsika kanayi. Geti lanu latalikira ka 20 kuyerekeza ndi khoma, choncho khomalo likulandira kuwala kochuluka pafupifupi ka 400 kuposa munthu woima pageti. Kamera imasintha yokha mmene ikulandirira kuwala. Ikaona khoma likuthobwa m'maso imachepetsa, khoma limayerabe, koma geti limamira mumdima. Mukaika ya mamegapikiseli 8 pamalo omwewo, iloze komweko, mudzaona khoma lomwelo likuyera, kungoti mwalipira zambiri.

Nganiza: Koma zatsopanozi zili ndi Smart IR, imachepetsa yokha kuwala chinthu chikakhala pafupi.

Achimwene a Mawaya: Ilipodi, mwinanso ilimo kale mu ya mayiwa. Ntchito yake n'kuteteza nkhope ya munthu amene wayandikira kuti isayere. Koma taganizani, ikachepetsa mphamvu ya timababu chifukwa cha khoma lomwe silisuntha, pageti pafika chiyani? Pada kuposa kale.

Che Jafali: Inenso yanga ili ndi vuto lomweli. Masana masamba a mitengo akuoneka ofiirira ngati pinki, udzu womwe. Ndigulenso yatsopano?

Nasibeko: Che Jafali, lanulo ndi lina. Mkati mwa kamera muli kagalasi kosefa infuraredi, kamatseka masana n'kutsegula usiku, ndi kaja kamalira "tiki" kukamada. Kanu kakanirira potsegula, n'chifukwa chake mitundu yasokonekera. Yesani kuzimitsa kamera n'kuiyatsanso, kapena phimbani lenzi ndi dzanja kangapo mumve ngati kalira. Za Amake Tadala ine ndikuti ndi akangaude. Tizilombo timaunjikana pa kamera usiku, kangaude n'kumangapo ukonde, ndipo ulusi umodzi wokha umaoneka ngati chingwe choyera chodutsa chithunzi chonse. Yanga ndimaisesa ndi kaburashi kofewa ndipo imachira nthawi yomweyo.

Amake Tadala: Ukonde ndinachotsa kale, anzanga. Ulusi woyera unasowadi, koma chifunga chija chilipobe.

Achimwene a Mawaya: Chabwino, tiyese zinthu zosafuna ndalama, usiku uno womwe. Lowani m'makonzedwe a kamera, pezani za timababu ta infuraredi tija, pamene alemba IR Light kapena dzina lofanana nalo, muike Off, koma kamera ikhalebe pa chithunzi cha usiku chakuda ndi choyera. Yatsani babu la panja ngati lilipo. Chifunga chikatha, ndiye kuti chimachokera ku timababu ta kamera yomweyo, osati kuti sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi, yawonongeka.

Mawa kukacha tsegulani chivindikiro. Kuzungulira lenzi mupeza kamphete kakuda ka siponji kapena ka labala. Kamayenera kugunda chivindikirocho mkati, kuti kuwala kwa timababu kusabwerere m'lenzi. Anthu ambiri akamatembenuza kamera amakasuntha osadziwa, mwina kamagwa kumene, ndipo kampata kochepa chabe kamakwana kuphimba chithunzi chonse ndi chifunga. Onaninso ngati timababu tina tabisika kuseri kwa mkombero wa chikhokhombe cha kamera chifukwa choipendeketsa kwambiri, chifukwa timeneto timawalitsa mkati momwemo. Pukutani chivindikiro mkati ndi kunja ndi kansalu kofewa ka magalasi a m'maso. Musagwiritse ntchito pepala kapena nsalu yokhakhala, pulasitikiyo imakandika msanga, ndipo zokandika ndi zidindo za zala sizioneka masana koma usiku zimawala. Pomaliza itembenuzeni pang'ono kumanja mpaka khoma lituluke m'chithunzi, lisatsale ngakhale m'mphepete.

Amake Tadala: Ndabwerako. Nditazimitsa IR chifunga chinatheratu. Lero ndatsegula, kamphete kaja kanali kotsetsereka mbali imodzi, ndipo mkati mwa chivindikiro munali chidindo cha chala chachikulu. Ndakonza, ndatembenuza. Tsopano kuyera kwatha, geti likuoneka ndi zitsulo zake. Koma timadontho tija tilipobe, makamaka m'makona, ndipo mwana wanga atayenda pageti nkhope yake inachita mbuu, inangooneka bwino ataima.

Nganiza: Mwaonatu. Zotsalazo ndi za kamera yofooka. Apa pokha ya 8 ikufunika.

Achimwene a Mawaya: Apa mpamene pali nkhani yeniyeni yogula, koma tiyang'ane choyenera kugulacho. Timadontho timabwera kuwala kukachepa. Kamera imakweza mphamvu ya chizindikiro chochokera pa sensa, ndi chija amalemba Gain kapena AGC, ndipo pokweza chithunzi imakwezanso zinyalala za magetsi zomwe zimakhalamo nthawi zonse. Pofuna kubisa timadonthoto, imagwiritsa ntchito DNR, yomwe imaphatikiza zithunzi zotsatizana. Chinthu choima chimaoneka chosalala, koma choyenda chimapakika n'kusiya mchira. Makamera ena amachedwetsanso Shutter, nthawi imene sensa imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse, mpaka 1/12 ya sekondi kapena kuchedwa kuposa apo kuti alowetse kuwala kwambiri, ndipo munthu woyenda amasungunuka. Mayi, ikani Shutter isatsike kupitirira 1/50, DNR ikhale pakatikati. Chithunzi chida pang'ono, mwina timadontho tiwonjezeka, koma nkhope yoyenda igwirika bwino kuposa kale.

Tsopano za ya 8. Funsani kukula kwa sensa yake. Ngati ndi 1/2.8 inchi kapena pafupi pamenepo, mofanana ndi makamera ambiri a 2, ndiye kuti malo omwewo agawidwa tizigawo tochuluka kanayi, ndipo kalikonse kakulandira kuwala kochepa. Yoteroyo usiku siiposa yanu ndi zambiri, nthawi zina imaperewera kumene. Ya mamegapikiseli 4 yokhala ndi sensa yaikulupo ya 1/1.8 inchi ndingaisankhe msanga kuposa ya 8 ya sensa yaing'ono. Mamita 30 a pabokosi amatanthauza kuti muona kuti pali chinthu, osati kuti muzindikira nkhope.

Bambo Mbewe: Musaiwale magetsi. Kwathu kamera yakutali ndi nyumba inkachita timadontho ndi mizere yoyenda usiku wokhawokha, nthawi zina n'kuzima n'kuyakanso. Timababu tikayaka kamera imakoka magetsi ochuluka, ndipo waya wathu unali wautali, wowonda. Titayeza ndi mita yoyezera magetsi kumapeto kwa waya usiku, mavoti 12 aja anali atatsika kufika cha m'ma 10. Tinasendeza adaputa pafupi, zinatha. Muyeze timababu tili chiyakire, masana mita ikunamizani.

Amake Tadala: Yanga adaputa ili mamita atatu okha kuchokera pa kamera, ndipo mizere palibe.

Bambo Mbewe: Ndiye mwina si zimenezo. Komabe timababu timafooka tikakalamba, tayang'anani usiku ngati tonse tikufiira mofanana.

Achimwene a Mawaya: Ndikanakhala ine, ndikanagula nyali ya infuraredi yoima payokha, yolembedwa 850 nm, nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake, n'kuiika mita imodzi kapena iwiri kutali ndi kamera, iloze pageti, kenako n'kuzimitsa timababu ta m'kamera. Kuwala kukachuluka pageti, Gain imatsika yokha ndipo timadontho timachepa. Kuwala sikubwereranso m'chivindikiro, ndipo madontho a mvula ndi fumbi lodutsa pafupi ndi lenzi sizithwanimanso. Onetsetsani kuti nyaliyo imamwaza kuwala motambalala mofanana ndi mmene lenzi imaonera, apo ayi pakati payera, m'mbali muda. Ya 940 nm ubwino wake ndi wakuti sioneka kufiira kuja, koma sensa zambiri siziimva bwino, ndiye siifika patali.

Nasibeko: Ine pamenepa sindikugwirizana nanu, achimwene. Bwanji osangoika babu loyera wamba pageti? Kamera ikhala pa mitundu usiku wonse, mudziwa ngati munthu anavala malaya ofiira kapena obiriwira. Pa infuraredi zovala zimanama, jekete lakuda limatha kuoneka loyera.

Achimwene a Mawaya: Za zovalazo ndi zoona, ndaonapo zikusokoneza anthu. Koma babulo lisalowe m'chithunzi, ndipo liwalitse nkhope ya munthu, osati msana wake. Likakhala kuseri kwake muona chithunzithunzi chakuda chokha. Komanso likakhala lofooka, kamera imangosinthasintha pakati pa masana ndi usiku.

Nganiza: Ine ndikadali pa mawu anga. Pa mamita 10, ndi lenzi yotambalala ya mamilimita 2.8, nkhope pa kamera ya 2 imakhala kanthu kakang'ono ngakhale muwalitse chotani. Kuti muzindikire mlendo, osati mwana wanu yemwe mumamudziwa ndi kayendedwe komwe, mapikiseli amafunika.

Achimwene a Mawaya: Pamenepo mwalasa, ngati lenzi yake ndi ya 2.8. Koma mankhwala ake akhoza kukhala lenzi ya mamilimita 6 yoyang'ana geti lokha, kapena kusendeza kamera yomweyi pafupi. Mayi, tengani chithunzi cha masana munthu ataima pageti, muchikulitse. Nkhope ikapanda kuzindikirika masana, nyali siikonza kanthu.

Amake Tadala: Lenzi ndi ya 2.8 ndithu, alemba pansi pake. Masana nkhope ikuzindikirika koma movutikira. Ya 8 ija ndaisiya kaye, wogulitsa ndamufunsa kukula kwa sensa ndipo sanandiyankhebe. Usiku uno ndiyesa ndi babu loyera lomwe ndili nalo kale. A Nasibeko, lanu munaliika pamwamba bwanji kuti lisathobwe kamera?